Tisheti imodzi, mitundu itatu, masaizi anayi: kasanjidwe ka katundu pa sitolo yaing'ono ya pa intaneti

*"Ndili ndi sitolo yaing'ono pa intaneti. Ndimagulitsa matisheti, zipewa ndi zikwama, zonse pamodzi zinthu pafupifupi 40. Tisheti iliyonse ndinaiika katatu, yakuda payokha, yoyera payokha, yofiira payokha, ndipo saizi wogula amachita kundilembera mu uthenga. Mwezi uno ndabweza ndalama kwa anthu awiri chifukwa saizi imene analipira inali itatha. Mitengo nayo yasokonekera, kwina ndinasintha kwina ndinaiwala. Ndisanje bwanji magulu, masaizi, sitoko ndi mitengo kuti zisamandivute?"*

Mavuto onsewa gwero lake ndi limodzi. Chimene wogula amaona ndi chimene inu mumawerenga pa shelefu ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo sitolo yanu iyenera kuzisunga mosiyana. Wogula amaona "tisheti ya thonje ya khosi lozungulira". Pa shelefu palibe chinthu chotero. Pali tisheti yakuda ya saizi M, yakuda ya L, yoyera ya S, ndi zina zotero. Chimene mumanyamula n'kuika mu phukusi nthawi zonse chimakhala ndi mtundu umodzi ndi saizi imodzi.

Choyambacho tizichitcha chinthu, ndipo chachiwiricho tizichitcha nthambi ya chinthucho. Mu Shopify, pulogalamu yoyendetsera sitolo ya pa intaneti, nthambizi zalembedwa kuti `Variants`, mu inzake ya WooCommerce ndi `Variations` ndipo zimapezeka mukasankha `Variable product`. Dzina, kufotokoza, gulu ndi tsamba zimakhala za chinthu. Khodi, chiwerengero cha sitoko, ndalama zimene munalowetsa ndi mtengo wogulitsira zimakhala za nthambi. Tisheti yanu ya mitundu itatu ndi masaizi anayi ndi chinthu chimodzi cha nthambi 12, ndipo pafunika ziwerengero 12, osati zitatu.

Onani mmene anthu awiri aja anagulira saizi yoti inatha. Tiyerekeze kuti matisheti akuda otsala ndi awa: S alipo 4, M alipo 10, L palibe, XL alipo 2. Tsamba lanu likudziwa nambala imodzi yokha, 16, choncho likuuza aliyense kuti katundu alipo. Wofuna L akulipira, sitolo ikutsitsa nambala kufika pa 15, ndipo palibe paliponse pamene pulogalamuyo ikanadziwira kuti pali cholakwika, popeza saizi ili mu uthenga umene iyo siwerenga. Ngakhale mutamasamala chotani, bola saizi ikubwera mu uthenga, vutoli lizibwerabe. Saizi ikhale chosankha chimene wogula akudina asanalipire, ndipo L ikatha isadinike.

Mukasanja bwino, tebulo la tisheti yakudayo lizioneka chonchi. Manambala a ndalamawa ndi ongofanizira, mu ndalama iliyonse imene mumagwiritsa ntchito.

```
chinthu,sku,mtundu,saizi,zolowa,mtengo,pashelefu
TS01,TS01-KUD-S,Yakuda,S,68,120,4
TS01,TS01-KUD-M,Yakuda,M,68,120,10
TS01,TS01-KUD-L,Yakuda,L,68,120,0
TS01,TS01-KUD-XL,Yakuda,XL,74,130,2
```

Mzere umodzi, nthambi imodzi, ndipo `sku` ndi khodi ya nthambiyo. Yoyera iwonjezera mizere ina inayi, yofiiranso inayi, yonse yonyamula `TS01` kumayambiriro kuti zidziwike kuti ndi za chinthu chimodzi. Mafayilo a `CSV` amene masitolo amalandira amatsata nzeru yomweyi: mu WooCommerce mzere wa nthambi umaloza chinthu chake mu kolamu ya `Parent`, ndipo mu Shopify mizere ya chinthu chimodzi imagawana `Handle` imodzi. Ndikulangizani kuti muyambe mwalemba tebuloli lonse mu Excel kapena Google Sheets musanakhudze sitolo, chifukwa zolakwika zimaoneka msanga pa tebulo kusiyana ndi pa masamba 40 osiyanasiyana.

Funso limene limavuta ambiri ndi lakuti: ndi liti pamene kusiyana kumakhala nthambi, ndipo ndi liti pamene kumafuna chinthu chatsopano? Yesani motere. Lembani dzina ndi kufotokoza kwa chinthucho, kenako funsani ngati mawu omwewo akunena zoona pa zonse zimene mukufuna kuphatikiza. Tisheti yakuda ndi yoyera zili ndi nsalu imodzi, kasokedwe kamodzi, kachapidwe kamodzi, choncho ndi nthambi. Tisheti ya manja aatali ndi ya manja aafupi kawirikawiri zimafuna zithunzi zina, muyeso wina, mtengo wina, ndipo wogula amazifufuza ndi mawu osiyana. Izi zilekanitseni zikhale zinthu ziwiri. Chikwama cha chikopa ndi cha nsalu, ngakhale zitafanana kapangidwe, ndi zinthu ziwirinso.

Pali chifukwa chinanso chosaphatikizira zambiri: zosankha zimachulukitsana, siziwonjezerana. Mitundu 3 ndi masaizi 4 ndi nthambi 12. Mukaika manja aatali ndi aafupi zafika 24. Mukawonjezera zojambula 5 za pachifuwa zafika 120, ndipo iliyonse ikufuna kuwerengedwa, kupatsidwa mtengo ndi kusungidwa penapake. Shopify imalola zosankha zitatu zokha pa chinthu chimodzi, ndipo pa sitolo ya msinkhu wanu ziwiri ndi zokwanira. Pangani nthambi zokhazo zimene mumazigulitsadi. Ngati yofiira simuipikula mu XL, nthambi imeneyo isakhalepo. Musaisiye ili pa ziro chaka chonse ngati kuti ikubwera.

Zinthu zimene sizikhala pa shelefu musazisandutse nthambi. Dzina limene wogula akufuna kuti mumusindikizire, kapena kukutira ngati mphatso, zilibe chiwerengero chawochawo. Mukazipanga nthambi, tisheti yakuda ya M igawika pawiri, "yokutidwa" ndi "yosakutidwa", pamene pa shelefu ndi mulu umodzi wa 10. Mukalemba 10 uku ndi 10 uko sitolo iziganiza kuti muli ndi 20. Zoterezi zikhale kabokosi kolembamo kapena chowonjezera cha mtengo wakewake. Msampha wofanana nawo uli mu WooCommerce, momwe nthambi mukhoza kuisiya pa `Any Size…` m'malo mosankha saizi yeniyeni. Zimaoneka zofulumira, koma masaizi onse amayamba kudya chiwerengero chimodzi, ndipo mwabwerera pa vuto la 16 lija.

Kunena chilungamo, kuika mtundu uliwonse pa tsamba lakelake sikulakwa nthawi zonse. Masitolo ena a zovala amatero dala kuti mitundu yonse izioneka wogula akamayang'ana gulu. Koma otero amasiyabe masaizi ngati nthambi, ndipo amavomera ntchito yosintha kufotokoza ndi mitengo m'malo atatu. Inu mwaona kale zimene zimachitika malo amodzi akaiwalika. Phatikizani, ndipo mtundu uliwonse muupatse chithunzi chake kuti wogula akadina yofiira aone yofiira.

Khodi ya nthambi ndi imene pa sikirini yalembedwa kuti `SKU`. Mumaipanga nokha, ndipo ntchito yake ndi yakuti inu, wokuthandizani kulongedza ndi pulogalamu muzinena chinthu chimodzi popanda kulakwitsa. Ikhale yaifupi, ya zilembo zazikulu, manambala ndi kamzere kolekanitsa, yopanda mipata. `TS01-KUD-M` munthu amaiwerenga n'kudziwa chopita kukatenga. Musaiyambe ndi ziro, chifukwa Excel imachotsa ziro wa kumayambiriro ikaganiza kuti ndi nambala, ndipo `00451` imasanduka `451` osakuuzani. Mupewenso chilembo `O` pafupi ndi `0`, ndi `I` pafupi ndi `1`. Musaikemo mtengo, chaka kapena dzina la wokupikulitsani, popeza zonsezi zimasintha pamene khodi siyenera kusintha. Ndipo khodi ikagwira ntchito kamodzi, musadzaipatsenso chinthu china ngakhale choyambacho munasiya kugulitsa, apo ayi mbiri ya zogulitsa zanu idzasakaniza zinthu ziwiri pa mzere umodzi.

Bakhodi ndi nkhani ina. Manambala 13 a `EAN-13` kapena 12 a `UPC-A` amachokera ku bungwe la GS1 kudzera mwa mwini katundu, ndipo saapeka munthu pamutu. Ngati katundu wanu anabwera nayo, ilembeni mu bokosi lake. Ngati alibe, siyani popanda kanthu. Mu Excel kolamu imeneyo muiike pa `Text`, chifukwa nambala yaitali choncho imaisonyeza mwachidule ngati `5.01235E+12`, ndipo mukasunga fayilo ya `CSV` ili choncho manambala akumapeto amatayika.

Za magulu sindichulutsa, chifukwa pa zinthu 40 ntchitoyi ndi yochepa kuposa mmene anthu amaiganizira. Magulu atatu amene mwatchula kale, matisheti, zipewa ndi zikwama, ndiwo poyambira. Gulu ligawidwe pokhapokha ladzaza moti wogula akutopa kutsika nalo, tinene zinthu zoposa 20 kapena 25, ndipo musapitirire masitepe awiri: Matisheti, pansi pake a manja aafupi ndi a manja aatali. Gulu la zinthu ziwiri zokha limangochititsa munthu kudina kawiri pachabe. Mayina akhale amene wogula amanena, osati a pa risiti ya wokupikulitsani.

Cholakwika chachikulu pa magulu ndi kusandutsa mtundu kapena saizi kukhala gulu, monga "Zakuda" kapena "Masaizi aakulu". Gulu limanena kuti chinthucho n'chiyani, ndipo limamatidwa pa chinthu chonse. Mtundu uli pa nthambi. Tisheti ya mitundu itatu mungaiike m'gulu liti? Yankho ndi sefa: wogula alowe mu Matisheti n'kusankha yakuda ndi L. Kuti sefayo igwire ntchito, mawu akhale ofanana ndendende paliponse. "Yakuda", "yakuda" ndi "Wakuda" pulogalamu ikhoza kuziona ngati mitundu yosiyana. Mu WooCommerce pangani mtundu ndi saizi kamodzi pa `Products > Attributes` n'kumazisankha pa chinthu chilichonse, m'malo mozitaipa mwatsopano nthawi iliyonse. Kumenekonso n'kumene mungasanje masaizi kuti aziyenda S, M, L, XL, chifukwa akasiyidwa kuti atsate alifabeti amayamba ndi L. "Zatsopano" ndi "Zotsika mtengo" si magulu enieni, ndi zizindikiro za kanthawi. Ziikeni ngati `Tags`, kapena mu Shopify ngati `Collections` zodzisanja zokha potsata lamulo limene mwaika, kuti chinthu chizichokamo popanda kusuntha m'gulu lake lenileni.

Tsopano sitoko, pamene pagona ndalama zanu. Nthambi iliyonse ili ndi manambala angapo, ndipo kusokoneza manambalawa ndi njira yachiwiri yogulitsira katundu amene mulibe. Tengani `TS01-KUD-M`. Pa shelefu mwawerenga 10. Mwa amenewa, atatu analipiridwa dzulo koma simunawatumize. Imodzi ili ndi banga, siyingagulitsidwe. Amene mungalonjeze munthu watsopano ndi 10 kuchotsa 3 kuchotsa 1, ndiye kuti 6. Shopify imasonyeza manambalawa padera ngati `On hand`, `Committed`, `Unavailable` ndi `Available`. Mu WooCommerce muli bokosi limodzi la chiwerengero, ndipo nambala yake imatsika oda ikangolipiridwa, katunduyo asanachoke pa shelefu. Tanthauzo lake n'lakuti mukawerenga 10 n'kulemba 10 m'bokosimo, mwabwezera m'sitolo matisheti atatu a eni ake ndi imodzi yowonongeka, ndipo anthu anayi otsatira omaliza adzalipira mphepo. Njira yosavuta yopewera zimenezi ndi kulongedza maoda onse olipiridwa n'kuwaika pambali musanayambe kuwerenga, ndi kukhala ndi katoni yakeyake ya zowonongeka.

Pali makonzedwe anayi oti muwaone lero. Loyamba: kuwerenga sitoko kuyatsidwe pa nthambi iliyonse, osati pa chinthu chonse. Mu WooCommerce ndi kabokosi ka `Manage stock?` mkati mwa nthambi iliyonse. Mukangochonga ka pa chinthu, nthambi zonse zimadya mulu umodzi. Lachiwiri: kugulitsa katundu atatha kuzimitsidwe. Ndi `Allow backorders?` mu WooCommerce ndi `Continue selling when out of stock` mu Shopify. Muyatse pokhapokha pa chinthu chimene mumachita kusoketsa munthu akaitanitsa, ndipo tsamba linene masiku odikira. Lachitatu ndi nthawi imene sitolo imasungira katundu munthu amene wayamba oda koma sanalipire. Mu WooCommerce ndi `Hold stock (minutes)`, ndipo imabwera itaikidwa pa 60. Pa zinthu zimene zimatsala chimodzi kapena ziwiri, ganizirani bwino nambalayi: ikatalika kwambiri, munthu wosalipira amatsekereza wofuna kulipira, ikafupika kwambiri, oda imafafanizidwa malipiro ochedwa asanafike. Lachinayi ndi chenjezo la sitoko yochepa, `Low stock threshold` mu WooCommerce.

Nambala ya chenjezoli isakhale yongolota, ndipo isakhale imodzi pa nthambi zonse. Iwerengeni potengera liwiro la malonda ndi masiku amene katundu amatenga kuti afike. Ngati yakuda ya M imapita ziwiri pa tsiku, ndipo wokupikulitsani amatenga masiku 7, mudzagulitsa 14 mukudikira. Onjezani zapadera za masiku atatu, ndiye 6, kuchitira kuti angachedwe kapena malonda angathamange. Muziitanitsa zikatsala 20. Yofiira ya S imene imapita imodzi pa sabata chenjezo lake ndi 2 basi. Mukaika 5 pa zonse, M idzakutherani masiku angapo katundu asanafike, pamene ya S mudzaiitanitsa isanafunike n'kumangirira mpamba pa shelefu. Pakangotha miyezi iwiri kapena itatu mukulemba pa nthambi, mudzaona masaizi amene amathamanga ndi amene amagona, ndipo mudzasiya kupikula masaizi onse mofanana. Phindu limeneli simungalipeze ngati saizi ili mu mauthenga.

Ngati mumagulitsanso pamanja kapena kudzera m'mauthenga a pa foni, malonda aliwonse otero alowe m'sitolo nthawi yomweyo, makamaka ngati oda yolemba nokha, kuti chiwerengero chitsike ndipo mbiri itsale. Malo owerengera sitoko akhale amodzi. Kope limodzi, tebulo lina ndi sitolo, zitatuzi sizingagwirizane kwa sabata yathunthu. Katundu wobwezedwa musamubwezere mu chiwerengero musanamutsegule ndi kumuona, ndipo wosinthitsa saizi ndi mayendedwe awiri: M yabwera, L yapita. Ambiri amaiwala kulemba mayendedwe awiriwa, ndipo pakapita nthawi M imaoneka yochepa pa sikirini kuposa pa shelefu pamene L imaoneka yochuluka. Mukaona kusiyana kotere, kwina kwapitirira ndi imodzi kwina kwaperewera ndi imodzi pa chinthu chomwecho, dziwani kuti si kuba: ndi kusinthitsa kosalembedwa, kapena wolongedza anatenga saizi yolakwika.

Mapaketi ali ndi vuto lawo. Mukagulitsa "matisheti atatu pamodzi" ngati chinthu cha chiwerengero chakechake, kugulitsa paketi sikutsitsa matisheti amodziamodzi. Pali njira ziwiri zoona: kumanga mapaketiwo pasadakhale, kuwachotsa pa chiwerengero cha amodziamodzi n'kuwapatsa khodi yawo, kapena kugwiritsa ntchito chowonjezera cha pulogalamu chimene chimatsitsa nthambi zonse zitatu paketi ikagulidwa. Ngati cholinga ndi kungolimbikitsa anthu kugula zambiri, kuchotsera mtengo kwa wogula zitatu n'kophweka kuposa zonsezi, ndipo sitoko imayenda yokha.

Kuwerenga sikufunika kukhala ntchito ya tsiku lonse kamodzi pa chaka. Werengani gulu limodzi sabata iliyonse, ndipo nthambi zothamanga kwambiri muziziwerenga kawirikawiri. Mukapeza kusiyana, konzani nambala ndi kulemba chifukwa: chowonongeka, chosowa, cholakwika polandira. Pakapita miyezi zifukwazo zimakuonetsani pamene katundu akudonthera.

Pa mitengo, yambani ndi zolowa zenizeni za nthambi iliyonse, osati mtengo wopikulira wokha. Tisheti mwaipikula pa 60. Mayendedwe ake kufika kwa inu, mukagawa pa tisheti iliyonse, ndi 5. Thumba ndi chizindikiro ndi 3. Zolowa ndi 68. Tiyerekeze kuti kampani yolandirira malipiro imadula 3 pa 100 iliyonse, ndipo inu mukufuna kuti 40 pa 100 iliyonse ya mtengo wogulitsira ikhale phindu. Kawerengedwe kake ndi aka:

```
mtengo = zolowa / (1 - phindu - zodula)
mtengo = 68 / (1 - 0.40 - 0.03) = 119.3
```

Mukhoza kuika 120. Pa 120, odula atenga 3.60, zolowa ndi 68, mwatsala ndi 48.40. Cholakwika chofala ndi kungowonjezera 40 pa 100 pamwamba pa zolowa. Izi zimapereka 95.20, ndipo odula akatenga gawo lawo mumatsala ndi pafupifupi 24, theka la 48.40 uja. Kuwonjezera pa zolowa ndi kutenga gawo la mtengo wogulitsira ndi masamu awiri osiyana, ndipo muyenera kudziwa amene mukugwiritsa ntchito. Phindu limeneli n'limenenso lilipire lendi ya sitolo ya pa intaneti, kutsatsa ndi katundu wowonongeka, choncho si lonse lolowa m'thumba.

XL mumaipikula pa 66, zolowa zake ndi 74, ndipo masamu omwewo akupereka 129.8, ndiye 130. Ichi n'chifukwa chake mtengo umakhala pa nthambi. Mungasankhe kugulitsa masaizi onse pa mtengo umodzi kuti tsamba likhale losavuta, ndipo ndi chisankho chabwino ngati kusiyanako kuli kochepa. Pa 120 XL ikupatsani 42.40 m'malo mwa 48.40. Chofunika n'chakuti mutero mukudziwa. Zolowazo zilembeni m'sitolo momwemo ngati muli malo ake, monga `Cost per item` mu Shopify, ndipo muzizisintha katundu watsopano akabwera pa mtengo wina.

Kutsitsa mtengo kumadya phindu kwambiri kuposa mmene kumaonekera. Mukachotsa 20 pa 100 iliyonse, tisheti ya 120 ikugulidwa pa 96. Odula atenga 2.88, zolowa zikadali 68, mwatsala ndi 25.12. Mtengo watsika ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, koma phindu latsika pafupifupi ndi theka, ndipo mufunika kugulitsa pafupifupi kawiri kuti mupeze zomwe mumapeza kale. N'chifukwa chake ndi bwino kutsitsa pa nthambi zogona zokha, monga yofiira ya S, osati pa chinthu chonse pamodzi ndi M imene ikanagulidwa pa mtengo wathunthu. Potsitsapo musafufute mtengo wakale. WooCommerce ili ndi `Regular price` ndi `Sale price`, ndipo yachiwiriyo mukhoza kuiikira tsiku loyamba ndi lotha kuti izibwerera yokha. Mu Shopify mtengo wotsikawo umalowa mu `Price` ndipo wakale mu `Compare-at price`. Nthawi ikatha muyenera kubweza nokha, choncho lembani penapake nthambi zimene mwatsitsa. Mtengo wakalewo ukhale umene munagulitsapodi. Kuukweza dala kuti kutsitsako kuoneke kwakukulu ndi kunamiza wogula, ndipo m'mayiko ambiri malamulo oteteza ogula amaletsa.

Ngati mumatolera msonkho pa malonda, sankhani kamodzi ngati mitengo imene mukulemba ili ndi msonkho mkati kapena ayi, muuze pulogalamu, ndipo musasakanize. Kusintha makonzedwe amenewa katundu atalowa kale sikusintha manambala amene munalemba, kumangosintha tanthauzo lake, ndipo mitengo yonse imapezeka yakwera kapena yatsika nthawi imodzi.

Kwa amene sitolo yawo akuilemba okha kapena akulembetsa kwa katswiri wa mapulogalamu, pali zinthu zitatu zoti zitsimikizidwe. Ndalama zisungidwe ngati nambala yathunthu ya kandalama kakang'ono kwambiri, 12000 m'malo mwa 120.00, kapena ngati `DECIMAL`, osati `FLOAT`, chifukwa m'zinenero zambiri za makompyuta `0.1 + 0.2` imapereka `0.30000000000000004`. Mzere uliwonse wa oda usunge wokha khodi, dzina ndi mtengo wa tsiku logulira, kuti mukakweza mtengo mawa marisiti akale asasinthe. Ndipo kutsitsa sitoko kuchitike ndi lamulo limodzi lofufuza ndi kuchotsa nthawi yomweyo:

```sql
UPDATE nthambi
SET zotsala = zotsala - 1
WHERE sku = 'TS01-KUD-XL' AND zotsala >= 1;
```

Ngati palibe mzere umene wasintha, ndiye kuti wina watenga yomaliza, ndipo odayo ikanidwe. Kuyamba kuwerenga nambala kenako n'kulemba padera kumapatsa mpata anthu awiri odina nthawi imodzi kugula tisheti imodzi.

Posamutsa zimene muli nazo kale, musagwetse sitolo yonse tsiku limodzi. Yambani mwatulutsa fayilo ya katundu yense n'kuisunga osaikhudza, kuti mukhale ndi pobwerera. Sankhani tisheti imodzi yogulidwa kwambiri, muipange mwatsopano ndi nthambi zake 12, mulongedze maoda odikira, muwerenge shelefu, mulembe manambala. Matani khodi pa katoni kapena pa shelefu pamene nthambi iliyonse ikukhala, kuti dzina la pa oda ndi la pa shelefu likhale limodzi. Kenako gulani nokha ngati kasitomala, pa foni: sankhani yakuda ya L muone ngati ikukana, gulani XL muone ngati mtengo ukusintha kukhala 130 ndiponso ngati 2 watsika kukhala 1, fafanizani odayo muone ngati wabwerera pa 2. Zikayenda, pitani pa chinthu chotsatira.

Masamba atatu akale aja musawafufute. Abiseni kapena muwaike pa `Draft`, chifukwa maoda akale ndi malipoti amalozabe kwa iwo, ndipo linki ya tsamba lililonse muilozetse ku tsamba latsopano. Mu Shopify zimenezi zili pa `URL redirects`. Mu WooCommerce zimafuna chowonjezera chopanga malozero a mtundu wa `301`. Mukapanda kutero, malinki amene munatumizira makasitomala ndi amene ali pa Google azifikira pa tsamba lakuti palibe kanthu. Nthambi imene mwasiya kupikula muichitire chimodzimodzi: idikireni ifike pa ziro, muizimitse, ndipo khodi yake ikhalebe mu tebulo lanu ndi chizindikiro chakuti inapuma.